MPHINDI KHUMI ZOYAMBA: MANKHWALA A ZENGEREZU

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwambiwu umadziwika ndi mwana wasukulu aliyense, komabe kuudziwa sikudachiritsepo munthu ndi mmodzi yemwe. Wozengereza amadziwa bwino lomwe kuti ntchito ikumudikira, ndipo imamulasa mumtima usana ndi usiku. Chimene chimamusowa si nzeru kapena mphamvu ayi, koma poyambira.

Nachi chitsanzo cha mphunzitsi wa Chichewa m'Fomu 2. Iye wasonkhanitsa makope 80 a chimangirizo, nalonjeza ana kuti adzawabwezera Lachisanu. Papita masabata awiri tsopano, mulu wa makope ukadali pakona pa tebulo, ndipo mayeso otsekera teremu atsala masabata atatu. Akapanda kuchonga, ana adzalowa m'mayeso osaona zolakwa zawo, nadzazibwerezanso. Kope lililonse limafuna mphindi pafupifupi 6, kutanthauza kuti mulu wonse ndi ntchito ya maola 8. Akauyang'ana muluwo saona kope limodzi, amaona maola asanu ndi atatuwo, mtima nkugwa mphwayi. Tsono amakumbuka kuti njinga ikufuna kupopa, kapena kuti kumunda kukufunika kukazonda.

Akatswiri awiri a za maganizo a munthu, Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl, adalongosola m'chaka cha 2013 kuti gwero la kuzengereza ndi kuthawa kusautsika mumtima. Munthu akanena kuti adzachita mawa, mtima umapepuka nthawi yomweyo, ndipo kupepukako ndiko kumamuphunzitsa kudzateronso mawalo. N'chifukwa chake kudzidzudzula sikuthandiza kwenikweni, pakuti kumangoonjezera kuwawa pa ntchito imene ikuwawa kale. Chofunika ndi kuchepetsa chinthu choopsacho kufikira chitasiya kuopsa.

Pa ndandanda yake ya ntchito mphunzitsi uja adali atalemba mawu awiri okha akuti "kuchonga makope". Mawu amenewa sanena tsiku, sanena malo, sanenanso pothera. Tsopano awafafaniza nalemba motere: "Lachiwiri, 2 koloko masana, ana akangoweruka, m'kalasi momwemo: kuchonga kope lapamwamba. Mphindi 10." Cholembera chofiira wachiika kale pamwamba pa mulu m'mawa, kuti nthawi ikakwana pasakhale chofunafuna.

Kutchula nthawi ndi malo si mwambo chabe. M'chaka cha 1997 Peter Gollwitzer ndi Veronika Brandstätter adafalitsa zimene adapeza pakati pa ophunzira a payunivesite ku Jeremani. Ophunzirawo adapemphedwa kulemba za momwe adasangalalira usiku wotsogolera Khirisimasi, ndi kuzilemba pasanathe masiku awiri chichitikire. Ena adauzidwa kuti asankhiretu nthawi ndi malo olembera, ena sadauzidwe. Mwa amene adasankhiratu, oposa awiri mwa atatu alionse adalemba m'nthawi yake, pamene mwa enawo adalemba ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa atatu. Munthu amene wapangana ndi nthawi sakhalanso ndi mpata wokambirana ndi mtima wake, pakuti belu loweruka likalira, mlandu udagamulidwa kale.

Nanga bwanji mphindi 10, osati ola? Ola ndi lalitali kokwanira kuopedwa, ndipo munthu wotopa amapeza msanga chifukwa cholikanira. Mphindi ziwiri nazo n'zochepa, sizilola kuti kanthu kathe. Mphindi 10 zimakwana kope limodzi ndi kutsalako pang'ono, ndipo palibe amene anganene moona kuti wazisowa. Muyeso wake ndi uwu: kodi munthu angaichite ntchitoyo ngakhale pa tsiku limene watopa ndiponso wakwiya? Ngati yankho ndi lakuti ayi, ndiye kuti sitepeyo ikadali yaikulu, iyenera kudulidwanso.

Lachiwiri lafika. Mphunzitsi watsegula kope lapamwamba, nawerenga ndime yoyamba, koma cholembera chaima m'malere. Apa ndi pamene wazindikira chimene chidamuthawitsa masabata awiri: sadakhazikitse kagawidwe ka malikisi. Mwana walemba mfundo zabwino koma kalembedwe ka mawu ndi kosokonekera. Kodi apatsidwe angati? Funso limeneli likadamuvuta ka 80. Motero mphindi zake zotsala wazithera pa kapepala, nagawa malikisi 20 motere: 8 a mfundo, 6 a kasanjidwe ka ndime, 6 a chiyankhulo ndi kalembedwe. Nthawi itakwana waimirira ndi kupita kwawo, asanatsirize ngakhale kope limodzi. Komabe tsikulo silidapite pachabe, chifukwa chimene chidali mantha opanda dzina chasanduka funso, ndipo funsolo layankhidwa.

Lachitatu wakhalanso pa nthawi yomweyo. Kope loyamba latha, lachiwiri lili pakati pamene mphindi 10 zakwana. Kusiya kope pakati kwamuvuta kuposa kupitiriza, ndipo podzaweramuka wapeza kuti wachonga asanu. Izi zimachitika kawirikawiri, pakuti kuwawa kwa ntchito yotere kumachuluka pakhomo polowera kusiyana ndi m'kati. Koma pano pali msampha. Ufulu wosiya pa mphindi 10 uyenera kukhala weniweni. Munthu akamadziuza kuti mphindi 10 pamene mumtima akulinga maola atatu, mtima umazindikira bodzalo, ndipo mawa lake umakana ngakhale kukhala pampando.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo masamu amawaonetsa poyera. Maola 8 ndi mphindi 480. Wochonga mphindi 10 zokha pa tsiku adzafuna masiku 48, pamene mayeso ali patsogolo ndi masabata atatu. Mphindi khumi ndi chitseko, si nyumba yonse. Choncho Lachinayi, mantha atatha, mphunzitsi wawerenga makope otsala 75 nawagawa m'timilu ta makope 10. Kamulu kalikonse ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo m'masiku 8 a sukulu zonse zidzatha, ana nkutsala ndi masiku angapo okonza zolakwa zawo. Patebulo pamakhala kamulu ka tsikulo kokha, ena onse amatsekeredwa m'kabati, ndipo pa ndandanda amalembabe kope loyamba la kamuluko.

Pali zizindikiro zosonyeza kuti njirayi yaphonyedwa. Choyamba ndi sitepe yonyenga. Kusanja makope motsata maina, kupukuta tebulo ndi kujambula ndandanda yokongola zimaoneka ngati ntchito, koma sizikhudza chinthu choopedwacho. Sitepe yoona imasiya chizindikiro pa ntchito yeniyeniyo, monga inki yofiira m'kope la mwana. Chachiwiri ndi kuphonya pangano katatu motsatizana. Zikatero vuto silikhala ulesi, koma nthawi yosankhidwayo ndi yolakwika, monga usiku munthu atadya nsima ndi kutopa, kapena pali chinthu chimene sachidziwa. Pamenepo mphindi 10 zoyamba zikhale zokafunsa mphunzitsi mnzake. Ndipo ngati mphwayi zagwira ntchito zonse, pamodzi ndi kusowa tulo ndi kusafuna chakudya kwa masabata angapo, nkhaniyo ndi ya kuchipatala, si ya ndandanda.

Wotsiriza sukulu amene wakhala mwezi wathunthu akuopa kulemba kalata yofunsira ntchito angatsate njira yomweyi. Asalembe kuti "kufuna ntchito". Alembe kuti Lolemba, akangomwa tiyi, adzalemba papepala loyeserera keyala yake, keyala ya kumene kalata ikupita ndi mutu wa kalatayo, basi. Pepala limene lili ndi mizere isanu ndi umodzi siliopsanso monga pepala loyera. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolowo umayamba ndi nkhuni imodzi imene yatoledwa pa nthawi yodziwika.