Malata a K200,000 afika bwanji pa K233,000?

Mlamu wanga akufolera nyumba ku Machinjiri, ndiye tsiku lina anayenda m'mashopu a zipangizo zomangira ku Limbe kufunsa mitengo ya malata. Anabwerako ndi mapepala awiri. Shopu yoyamba inalemba kuti malata khumi ndi K200,000, yachiwiri inalemba K225,000. Inunso mukanasankha yoyambayo. Koma atapita kukalipira, mtsikana wa pakauntala anamuuza kuti apereke K233,000.

"Achemwali, si mwalemba nokha apa kuti K200,000?" anafunsa mlamuyo.

"Eya bambo, koma taonani m'munsimu," anayankha mtsikanayo akuloza timawu ting'onoting'ono pansi pa pepala: "Prices exclude VAT". Tanthauzo lake n'lakuti mitengo yolembedwayo sanaphatikizemo msonkho.

Palibe amene anamubera. Mapepala awiriwo ankanena za katundu mmodzimodzi, kungoti lina linatchula mtengo msonkho usanalowe, linalo msonkho utalowa kale.

VAT ndi msonkho umene wogula amalipira pa katundu kapena ntchito, ndipo wogulitsa wolembetsedwa amangoutolera n'kukaupereka ku bungwe la Malawi Revenue Authority, lomwe ambiri timangoti MRA. Mlingo wake umakhazikitsidwa ndi Nyumba ya Malamulo ndipo umatha kusintha ndi bajeti. Pano ndiwerengera pa K16.50 pa K100 iliyonse, mlingo umene unkaoneka pa malisiti athu kwa zaka zambiri. Ngati lisiti lanu likusonyeza mlingo wina, ikanipo umenewo, kawerengedwe kake n'komweko.

Tiyeni tione invoyisi ya shopu yoyamba. Pamwamba pamakhala dzina la shopu, nambala yake ya msonkho yotchedwa TPIN, nambala ya invoyisi ndi tsiku. Pakati pali katundu: malata 10, lililonse K20,000. Kenako kumunsi kuli mizere itatu, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Mzere wolembedwa "Subtotal" ndi mtengo wa katundu payekha, K200,000. Mzere wa "VAT" ndi msonkho, womwe ndi K16.50 pa K100 iliyonse ya K200,000 ija, kutanthauza K33,000. Mzere wa "Total" ndi ndalama yotuluka m'thumba, K233,000. Ofuna kufulumira amangochulukitsa mtengo woyambawo ndi 1.165, yankho limabwera lomwelo.

Kukwera kumeneku n'kosavuta. Pamene anthu ambiri amagwa, ngakhale ena amene amasunga mabuku a bizinesi, ndi pobwerera. Mupatseni munthu K233,000 n'kumuuza kuti achotsemo msonkho. Amatenga foni, n'kuwerengera 16.5 pa 100 iliyonse ya K233,000, n'kupeza K38,445. Akachotsa imeneyo amatsala ndi K194,555. Komatu tikudziwa kale kuti malatawo anali K200,000. K5,445 yasowera kuti?

Sinasowe. Msonkho unawerengedwa pa K200,000, osati pa K233,000. Munthu uja wadula msonkho pa ndalama yomwe muli kale msonkho, ndiye wadula mopitirira. Ganizani chonchi: pa K100 iliyonse ya katundu, wogula amapereka K116.50. Choncho K16.50 ija ndi gawo la K116.50, osati la K100, ndipo mkati mwa mtengo wophatikiza kale msonkho, gawo la boma limangopitirira pang'ono K14 pa K100 iliyonse. Njira yolondola ndi kugawa, osati kuchotsa:

```
233000 ÷ 1.165 = 200000
233000 − 200000 = 33000
```

Tikatero ndi pepala la shopu yachiwiri, lomwe linalembedwa "VAT inclusive", K225,000 kugawa ndi 1.165 ikupereka K193,133.05. Msonkho uli mkatimo ndi K31,866.95. Ndiye shopu yomwe inkaoneka yodula ndi K25,000 ndi imene inali yotchipa ndi K8,000. Mlamu wanga anali atalipira kale wa ngolo kuti adikire pakhomo pa shopu yolakwika.

N'chifukwa chiyani ena amalemba mitengo yopanda msonkho? Mwa iwo alipo amene amangofuna kuti nambala ioneke yaing'ono, sindingawaikire kumbuyo. Koma chizolowezichi chili ndi pochokera. Kontilakitala wolembetsedwa pa VAT akagula malata a ntchito yake, K33,000 ija sikhala yomuthera. Amaichotsa pa msonkho umene iyenso watolera kwa makasitomala ake, n'kupereka ku MRA yotsalayo, pofika pa 25 mwezi wotsatira. Kwa iye mtengo weniweni wa malata ndi K200,000, n'chifukwa chake mabizinesi akamagulitsana okhaokha amakonda kutchula mtengo wopanda msonkho. Vuto limabwera pepala lotere likagwera m'manja mwa munthu amene akumanga nyumba yogonamo yekha. Iyeyo alibe kokabweza msonkho. Kwa iye mtengo ndi wa pa mzere womaliza basi, ndipo ine ndimaona kuti wogulitsa amene akuona kuti wabwera ndi munthu wamba ayenera kutchula umenewo asanafunsidwe.

Apa pali chinthu china chosangalatsa. Tinene kuti pali wogulitsa wachitatu, wa kashopu kakang'ono kosalembetsedwa pa VAT, amene akugulitsa malata omwewo pa K215,000. Kwa mlamu wanga, ameneyu ndiye wotchipa kuposa onse. Kwa kontilakitala uja ndiye wodula kuposa onse, chifukwa palibe msonkho wolembedwa woti akabweze, pomwe kwina malata amuthera K200,000 kapena K193,133. Ndipo wogulitsa wosalembetsedwayo saloledwa kuwonjezera VAT pa mtengo wake. Mukaona mzere wa VAT pa kapepala kolemba pamanja kopanda TPIN, funsani lisiti la pamakina. Akayamba kukanda m'mutu, dziwani kuti ndalama imeneyo sikupita ku boma.

Cholakwika china chimene chimachitika ndi kuika msonkho kawiri. Lata lija likaikidwa pa shelefu ndi mtengo wophatikiza msonkho limakhala K23,300. Kalaliki akatenga K23,300 n'kuilemba ngati mtengo wopanda msonkho, makina amawonjezeranso, ndipo malata khumi amafika pa K271,445. Kuzindikira kwake n'kosavuta: ngati anakuuzani kuti mtengo uli kale ndi msonkho, ndalama ya pa "Total" iyenera kufanana ndi imene anakuuzaniyo, ndipo "Subtotal" iyenera kukhala yocheperapo.

Lisiti la m'golosale lili ndi zakezake. Si katundu yense amene amadulidwa msonkhowu, motero mukagawa ndalama yonse ya pa lisiti ndi 1.165, yankho silingagwirizane ndi VAT yolembedwapo ngati m'basiketi munali zinthu zosakaniza. Yang'anani kachilembo kamene kamakhala pambali pa mtengo wa chinthu chilichonse, kamasonyeza gulu lake la msonkho, ndipo gawani zokhazo zimene zadulidwa. Mukasiyana ndi makina tambala imodzi kapena ziwiri, musakangane ndi wa pakauntala. Makina ena amawerengera msonkho mzere ndi mzere n'kudula timatambala totsalira, ena amawerengera kamodzi pamapeto.

Mlamu wanga anatsitsa wa ngolo uja ndi mawu okoma, n'kumutsogolera ku shopu yachiwiri. Kumeneko, asanatulutse ndalama, anayamba wafunsa: "Achimwene, K225,000 imeneyi ndi ya msonkho womwe?" Atavomera, anawerenga ndalama zake, ndipo lisiti litatuluka anayang'ana mzere wa VAT. Panalembedwa K31,866.95.