Yankho limakhala pa tebulo, ngakhale labotale kulibe

Ophunzira ambiri a Fomu 4 amafika tsiku la mayeso a MSCE asanaonepo ndi maso mankhwala otchedwa potaziyamu naitireti. Komabe pepala la Kemisitiri likhoza kuwapatsa zotsatira za kafukufuku wa mankhwalawa, n'kuwafunsa mafunso angapo. Ena akangoona dzina lachilendolo mtima umangoti phwii, basi n'kulidumpha funsolo. Chonsecho wofunsa sakufuna kudziwa ngati wophunzira anachitapo kafukufukuyo. Akufuna kuona ngati amatha kuwerenga manambala amene wamupatsa.

Nachi chitsanzo. Tebulo ili likuonetsa magalamu a potaziyamu naitireti ndi a mchere wa m'ndiwo amene amasungunuka m'magalamu 100 a madzi, madziwo akamatenthetsedwa.

| Kutentha kwa madzi (°C) | 0 | 20 | 40 | 60 | 80 |
|---|---|---|---|---|---|
| Potaziyamu naitireti (g) | 13 | 32 | 64 | 110 | 169 |
| Mchere wa m'ndiwo (g) | 36 | 36 | 37 | 37 | 38 |

Wophunzira wochenjera sathamangira manambala. Amayamba wadzifunsa kuti wochita kafukufukuyu ankasintha chiyani, ankayeza chiyani, ndipo n'chiyani chimene sanachisinthe. Apa ankasintha kutentha, ankayeza mankhwala osungunuka, pomwe madzi anali magalamu 100 nthawi zonse. Akatero amayendetsa chala pa mzere uliwonse. Mchere wangokwera ndi magalamu awiri okha, koma potaziyamu naitireti wachoka pa 13 mpaka 169. Zimenezi zikukwanira kuyankha funso loti ndi mankhwala ati amene kutentha kumawakhudza kwambiri.

Funso limene limagwetsa ambiri limabwera motere: madzi a madigiri 60 asungunula potaziyamu naitireti mpaka kukhuta, kenako aziziritsidwa kufika madigiri 20. Kodi ndi magalamu angati amene adikhe pansi ngati timibulu? Pa madigiri 60 madzi amasunga magalamu 110, pa madigiri 20 amangosunga 32. Otsalawo alibe kokhala, ndiye amadikha: 110 kuchotsa 32, yankho ndi magalamu 78.

Koma wofunsa akalemba kuti madziwo anali magalamu 50, msampha watcheredwa. Tebulo likunena za magalamu 100, choncho yankho liyenera kugawidwa pawiri, n'kukhala magalamu 39. Wolemba 78 amakhala atachotsera bwinobwino, koma sanawerenge mawu a pamutu pa tebulo.

Manambala omwewa akajambulidwa pa galafu, kutentha kumakhala pa mzere wogona ndipo magalamu amakhala pa mzere woimirira. Chinthu choyamba kuchipeza ndi mtengo wa kabokosi kamodzi. Ngati pakati pa 0 ndi 50 pali timabokosi 10, kalikonse kakuimira magalamu 5, osati galamu imodzi. Wophonya pamenepa amaphonya mayankho onse otsatira.

Galafu imayankhanso zimene tebulo silinalembe. Funso likafuna madigiri 50, wophunzira amaika lula pa 50, amakwera mpaka kukumana ndi mzere wa mankhwalawo, kenako amapita kumanzere kukawerenga magalamu, pafupifupi 85. Wongotenga nambala ya pakati pa 64 ndi 110 amapeza 87, yomwe yapitirira pang'ono chifukwa mzerewo ndi wokhota. Pamene mizere iwiriyo yadutsana, madigiri 20 atangopitirira pang'ono, ndi pamene mankhwala onse awiri amasungunuka mofanana.

Kulosera za kunja kwa tebulo n'kumene kumafuna kusamala kwambiri. Kuchoka pa madigiri 60 kufika 80, magalamu akwera ndi 59. Wina akhoza kungowonjezera 59 pa 169 n'kunena kuti pa madigiri 100 ndi 228. Koma makwerero ake akunka nakula: 19, kenako 32, 46 ndi 59. Yankho loona liyenera kuposa 228, ndipo mabuku a Kemisitiri amapereka pafupifupi magalamu 246.

Mawu a funso nawonso amalozera njira. Funso loti wophunzira afotokoze zimene akuona limayankhidwa ndi tebulo lokha: kutentha kukamakwera, magalamu osungunuka amakweranso, ndipo atchule manambala awiri a umboni. Funso lofuna chifukwa chake ndi lokhalo limene limafuna zimene anaphunzira m'kalasi.

Ophunzira amene akukonzekera mayeso atenge mapepala akale a MANEB, asankhe tebulo limene sanalionepo, aphimbe mafunso ndi dzanja, ndipo alembe kaye zimene zasinthidwa, zimene zayezedwa ndi muyeso wake asanayambe kuyankha.