Kukalipa kwa kapitawo kukafika papepala

"Iwe, tuluka m'ngalandemo! Ukufuna kufa?" Aliyense amene anagwirapo ntchito ya zomangamanga mawu otere amawadziwa. Kapitawo akakuwa chonchi kawirikawiri amakhala ataona ngozi yeniyeni, koma mawu ake amathera pomwepo. Waganyu wobwera mawa sanawamve, ndipo wokalipiridwayo watuluka osadziwa chimene chalakwika.

Wolemba malangizo ayambe ndi funso limodzi: "Akapitawo, mwaona chiyani?" Apa m'pamene nzeru zobisika m'kukalipa zimatulukira. Mwina ayankha kuti ngalande yafika m'chifuwa mwa munthu, mvula inagwa usiku, dothi lofukulidwa launjikidwa m'mphepete mwenimweni, ndipo khoma layamba ming'alu. Chilichonse mwa zinayi chikhale lamulo pachokha, lokhala ndi muyeso komanso munthu woliyang'anira.

Loyamba lingalembedwe motere: "Musalowe m'ngalande yozama kuposa mita 1.2 ngati makoma ake sanatchirikizidwe ndi matabwa kapena kusemedwa mopendekera." Lachiwiri: "Unjikani dothi mita imodzi kuchokera m'mphepete." Lachitatu limutchule mwini ntchito: "Kapitawo ayendere ngalande m'mawa uliwonse ndiponso mvula ikangokata, anthu asanalowe." Lomaliza ndi la pamene zinthu zavuta: "Mukaona mng'alu, madzi akutuluka m'khoma kapena dothi likuyoyoka, tulukani nonse, kenako uzani kapitawo." Onani kuti kutuluka kwayamba, kuuza kwatsatira. Mawu asanjidwe mmene miyendo iyenera kuyendera.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi pepala lofewetsedwa mu ofesi. Kukalipa kuja kumasanduka "ogwira ntchito akulimbikitsidwa kusamala pokumba". Ndi mawu aulemu, koma samuuza munthu kuya, mtunda kapena chochita. Chotsani mwano, mphamvu ya lamulo muisiye. Ndi bwinonso kuika chifukwa m'chiganizo chimodzi, pakuti ambiri amaganiza kuti dothi likawagwera adzifukula okha. Dothi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya limalemera kuposa matumba 20 a simenti. Womanga akamva zimenezi amazindikira msanga, poti thumba la makilogalamu 50 amalisenza tsiku ndi tsiku.

Manambala nawo ali ndi malire. Dothi lamchenga kapena lonyowa limagumuka ngakhale ngalande isanafike mita 1.2, makamaka kwa munthu wowerama poyala mapaipi. Choncho pepala linene kuti kapitawo angalamule kutchirikiza pa kuya kulikonse.

Musanalikhome pakhoma, liyeseni. Muwerengereni waganyu watsopano m'chinenero chake, mum'patse tepi, nimumuuze akusonyezeni poika dothi ndi chimene angachite ataona mng'alu. Akakayika, vuto lili papepala, bwererani mukalembenso. Kenako kapitawo aliwerenge mokweza m'mawa anthu asanagwire mafosholo, kuti osadziwa kuwerenga nawonso alimve.