Mayeso a moku amayambira mu silabasi

Ikafika nyengo ya mayeso a moku, pa tebulo la mphunzitsi wa Fomu 4 sipasowa mulu wa mapepala a mayeso a MSCE a zaka za m'mbuyo. Ena ndi othimbirira chifukwa chokoperedwa kambirimbiri, ena masamba ake omaliza adasowa kalekale. M'mapepala amenewa ndi momwe mumachokera mafunso ambiri amene ana athu amalemba pa moku, kaya ndi wa pasukulu pawo kapena wa sukulu zingapo zoyandikana zimene zagwirizana kulembetsa pepala limodzi.

Kutapa mafunso m'mapepala akale si kulakwa. Mafunsowo adakonzedwa ndi bungwe la MANEB, lomwe likulu lake lili ku Zomba, ndipo adadutsa m'manja mwa anthu angapo asanasindikizidwe. Mwana akawazolowera amadziwa kalankhulidwe ka mayeso enieni. Vuto limabwera pamene mphunzitsi atsegula mapepalawo asanatsegule silabasi. Pepala la chaka chimodzi silifunsa zonse zimene ana aphunzira mu Fomu 3 ndi Fomu 4, chifukwa nthawi yake ndi yochepa. Limangotapako apa ndi apo. Tsono mphunzitsi akamatapanso m'zotapatapazo, akutsata mafunso amene amusangalatsa, mitu ina imabwera kawirikatatu pomwe ina siionekako n'komwe. Wogula chimanga wodziwa ntchito yake amabaya thumba pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa akabaya malo amodzi sangadziwe ngati m'kati muli anankafumbwe. Moku wabwino amabaya silabasi mwa njira yomweyo.

Tiyerekeze mayi wina wophunzitsa zaulimi pa sukulu ya sekondale yoyendera. Manambala amene nditchule ndi achitsanzo chabe, koma kachitidwe kake ndi kamene aphunzitsi amaphunzira ku makoleji awo. Mayiwa akufuna pepala la malikisi 100. Asanakhudze pepala lakale lililonse, akutenga silabasi ndi masikimu awo a ntchito a zaka ziwiri, n'kuwerenga mapiriyodi amene mutu uliwonse udadya. Apeza kuti onse pamodzi ndi 200. Za mbewu zidatenga 60, za ziweto 50, za dothi ndi madzi 40, za chuma ndi malonda a ulimi 30, ndipo 20 otsalawo adapita ku makina a pamunda ndi nkhani za kusintha kwa nyengo. Poti mapiriyodi ndi 200 ndipo malikisi ndi 100, mapiriyodi awiri aliwonse akuyimira malikisi amodzi. Choncho mbewu zilandira 30, ziweto 25, dothi 20, chuma 15, makina ndi nyengo 10.

Kagawidwe kameneka amakalemba m'kabokosi ka mizere, mitu kumanzere, malikisi kumanja. Ntchito yake imaoneka akabweza m'mbuyo n'kuyesa pepala limene adasonkhanitsa mwachangu usiku wina kuchokera m'mapepala a zaka zisanu. Atawerenga, apeza kuti dothi latenga malikisi 32, ziweto 30, mbewu 28, chuma 10, ndipo makina ndi nyengo sizidapeze kanthu. Sadachite dala. Za dothi amaziphunzitsa ndi mtima wonse, ndipo mafunso ake m'mapepala akale ndi ambiri komanso okoma. Koma mwana amene sadziwa chilichonse cha makina a pamunda akadakhoza bwino pepala limeneli, n'kupita ku mayeso enieni ali ndi chibowo chimene palibe adachiona. Kukonza kwake n'kochita kuwerenga: achotse malikisi 12 ku dothi ndi 5 ku ziweto, onse pamodzi 17, ndipo awagawe 10 ku makina ndi nyengo, 5 ku chuma, 2 ku mbewu.

Apa pali chinthu chimene ndimachiona kuti n'chofunika kunena mosabisa. Aphunzitsi ena amawerenga kuti mutu wakuti wabwera kangati m'zaka za m'mbuyo, n'kumanga moku pa mitu yobwerabwera yokha, poganiza kuti akuthandiza ana. Ena amalosera kuti poti za bowa zidabwera chaka chatha, chaka chino sizibwera. Kulosera kotereku kulibe maziko. Wokonza mayeso enieni ali ndi ufulu wofunsa chilichonse chimene chili mu silabasi, ngakhale chimene adafunsa chaka chatha. Kuwerenga mapepala akale kumathandiza kudziwa momwe mutu umafunsidwira komanso kuzama kwake, koma kulemera kwa mutu pa moku kuchokere mu silabasi.

Palinso msampha wa mapepala akale kwambiri. Masilabasi, omwe amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, amasintha. Aphunzitsi a sayansi amakumbukira kuti fizikisi ndi kemisitiri zidali phunziro limodzi, kenako zidagawidwa kukhala maphunziro awiri. Silabasi ikasintha, mitu ina imachoka, ina imalowa, ina imasamukira ku fomu ina. Ndiye funso lililonse lochokera m'pepala lakale mayi athu aja amalifunsa kuti likuyesa cholinga chiti cha silabasi ya lero. Akalephera kuloza mzere wake, funsolo amalisiya ngakhale likhale lokoma chotani. Mitu yatsopano nayo imakhala ndi mafunso akale ochepa, ndipo pamenepo palibe kuchitira mwina, ayenera kupeka funso lawolawo motsanzira kalembedwe ka MANEB.

Kugawa malikisi pa mitu ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi mtundu wa kuganiza kumene funso likufuna. Funso loti mwana atchule mitundu iwiri ya feteleza limangofuna kukumbukira. Loti afotokoze chifukwa chake dothi lamchenga limataya madzi msanga limafuna kumvetsa. Loti awerengere matumba a feteleza ofunika m'munda limafuna kugwiritsa ntchito zimene akudziwa pa vuto limene sadalionepo. Kusanja kotere kudafala kuchokera m'buku limene Benjamin Bloom ndi anzake adatulutsa ku Amereka mu 1956. Mayiwa asankha kuti malikisi 30 akhale a kukumbukira, 40 a kufotokoza, 30 a kugwiritsa ntchito, ndipo kabokosi kaja akukaonjezera mizere itatu yotsika. Chimene amasamala n'chakuti mutu umodzi usasenze mtundu umodzi wokha. Ngati malikisi 15 onse a chuma ali owerengera, mwana wofooka pa masamu aoneka ngati sadziwa za misika ndi makopaletivi pomwe akudziwa. Ngati malikisi 25 onse a ziweto ali ongotchula, woloweza adzaoneka katswiri.

Kenako pamabwera nkhani imene imasiyanitsa moku weniweni ndi kungokopera. Ana nawo ali ndi mapepala akale omwewo. Amabwerekana, amakopera m'makope, amatumizirana pa foni pamodzi ndi mayankho ake. Funso likabwera momwe lidalili, mphunzitsi akuyesa amene adaliloweza. N'chifukwa chake funso lakale liyenera kusinthidwa, koma luso limene likuyesa likhale lomwelo.

Titenge funso la feteleza wa yureya, amene mwa magawo 100 aliwonse, 46 amakhala nayitirojeni. Thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni. Tinene kuti funso lakale lidati mlimi akufuna makilogalamu 92 a nayitirojeni pa hekitala, ndiye agule matumba angati. Yankho ndi matumba 4, ndipo ana ambiri aliloweza. Mayiwa asintha kuti munda ndi wa mahekitala 2 ndipo hekitala iliyonse ikufuna makilogalamu 69. Tsopano mwana ayenera kupeza 138, agawe ndi 23, apeze matumba 6. Amene alemba 4 wadziulula kuti adaloweza. Amene alemba 3 njira akuidziwa koma waiwala kukula kwa munda, ndipo ameneyo ayenera kulandira malikisi a njira. Kusinthaku kwaonjezera sitepe imodzi, choncho funso limene lidali la malikisi 3 likhoza kukhala la 4, ndipo malikisi amodzi oonjezerawo ayenera kuchotsedwa pena mu mutu womwewo kuti kabokosi kasapendekeke. Manambala atsopano amasankhidwanso mosamala. Akadalemba 70 m'malo mwa 69, yankho likadatuluka ndi zotsalira, ana n'kutaya nthawi pa masamu m'malo mwa ulimi.

Mayankho ochongera alembedwe tsiku lomwelo limene funso lasinthidwa. Zimachitika kuti mphunzitsi asintha manambala koma n'kuchongera ndi mayankho akale, ndipo mwana wolondola ndiye amalandira mtanda. Pa moku wa sukulu zingapo, pomwe ochonga ndi ambiri, cholakwa chotere chimafalikira kutali chisanadziwike.

Mafunso osonkhanitsidwa kuchokera ku zaka zosiyana amakhalanso ndi chizolowezi choyankhana. Funso lachitatu lifunsa dzina la matenda a nkhuku opatsirana ndi kachilombo, pomwe funso lachisanu ndi chiwiri layamba ndi kunena za katemera wa chitopa. Mwana watcheru angotembenuza tsamba n'kutola yankho. Zotere zimagwidwa pokhapokha pepala lonse likawerengedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, makamaka ndi mphunzitsi wina amene sadalikonze. Mnzakeyo alilembe ngati mwana, wotchi ili pambali. Ngati iye, wodziwa phunzirolo, watha nthawi yoposa theka la nthawi yoperekedwa, pepalalo ndi lalitali kwa ana. Ayang'anenso zithunzi pa pepala lokopera, osati pa loyambirira, chifukwa chithunzi cha mimba ya ng'ombe chokoperedwa kachitatu chimasanduka banga lakuda ndipo muvi wolozera suonekanso pomwe wathera.

Nanga mitu imene sidaphunzitsidwe? Moku kawirikawiri amalembedwa silabasi isanathe, ndipo pa moku wa sukulu zingapo, ina imakhala patsogolo ina m'mbuyo. Maganizo anga ndi akuti kufunsa ana zimene sadaphunzire sikuuza mphunzitsi chilichonse chimene sakuchidziwa kale. Ndi bwino aphunzitsi a sukuluzo agwirizane msanga mitu imene aliyense akhale atamaliza pofika tsikulo. Mutu wotsala uchotsedwe m'kabokosi poyera, malikisi ake agawidwe ku mitu inayo molingana ndi kulemera kwake, ndipo ana auzidwe kuti moku sadaukhudze, kuti udzayesedwa padera ukangophunzitsidwa.

Kabokosi kaja kamagwiranso ntchito kuchonga kukatha. M'malo mongolemba kuti mwana wapeza 54, mayiwa amaphatikiza malikisi a kalasi yonse mutu ndi mutu. Tinene kuti pa mbewu ana apeza pafupifupi 21 mwa 30, pa dothi 13 mwa 20, koma pa chuma 4 mwa 15. Asanaweruze kuti ana sadziwa za chuma, amayang'ana kaye mayankho a ana asanu amene akhoza kwambiri pepala lonse. Ngati nawonso agwa pa funso limodzi lomwelo, n'kutheka kuti funsolo ndilo lidalembedwa mosokoneza, ndipo alikonze asanadzaligwiritsenso ntchito. Koma ngati okhozawo aliyankha bwino pomwe ena onse alephera, funso lilibe mlandu, ndipo mapiriyodi oyamba a masabata otsala apite ku bajeti ya pamunda ndi kusunga malekodi.