Nkhani Yosalala Koma Yopanda Kanthu: Kuzindikira Zolembedwa ndi Makina

Mapulogalamu a pakompyuta otha kulemba nkhani paokha, amene ambiri amangowatchula kuti AI, anafala kwambiri kuyambira mu Novembala 2022 pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT. Lero alipo angapo, monga Gemini ndi Claude, ndipo zolemba zawo zikupezeka m'makalata ofunsira ntchito, m'malipoti a mabungwe ndiponso m'ntchito zimene ana asukulu amapereka kwa aphunzitsi. Zolembazi kawirikawiri sizikhala ndi zolakwika za galamala. Chimene chimaziulula ndi china: munthu akamaliza kuwerenga amapeza kuti palibe chimene watolapo. Zizindikiro zake zodziwika ndi zitatu. Nkhaniyo sitchula zinthu zenizeni, imazengereza pa mfundo iliyonse, ndipo pomaliza imayala mbali ziwiri mofanana popanda kunena kuti yolemera ndi iti.

Gwero la zonsezi lili m'mene mapulogalamuwa amagwirira ntchito. Pulogalamu yotere imaphunzitsidwa ndi zolemba zochuluka zedi mpaka itazolowera kulosera mawu oyenera kubwera pambuyo pa mawu amene alembedwa kale. Ikamalemba imasankha kachidutswa ka mawu kamodzikamodzi, ndipo imakokera ku mawu amene amapezeka kawirikawiri pamalo oterowo. Pankhani ya ulimi, mawu akuti "alimi amakumana ndi mavuto osiyanasiyana" amakwanira m'nkhani zikwizikwi, pomwe dzina la mudzi umodzi kapena mtengo wa thumba la feteleza pa tsiku linalake zimakwanira m'nkhani imodzi yokha. Choncho ngati wofunsayo sanapereke tsatanetsatane, pulogalamu imatsetserekera ku mawu okwanira paliponse. Ndi mmenenso ziyenera kukhalira, chifukwa sinapiteko kumunda, sinagulepo kanthu pamsika, ndipo palibe amene inacheza naye.

Kuzengereza ndi kusafuna kutenga mbali zili ndi gwero linanso. Maphunziro oyamba aja akatha, makampani amalemba anthu oti aziyerekeza mayankho a pulogalamu n'kusankha abwino, ndipo pulogalamuyo imakonzedwa kuti izitsata zimene anthuwo akonda. Yankho losamala, losakhumudwitsa aliyense, silivuta kulivomereza. Makampaniwo nawonso safuna kuti pulogalamu yawo ioneke ngati ikukondera pa nkhani za ndale kapena zachipembedzo. Kusamala kumeneku n'kwanzeru pa nkhani zimene anthu amasiyanadi maganizo, koma kumafalikira ngakhale pa mafunso amene yankho lake n'lodziwika.

Zizindikirozi zimaoneka bwino pa chitsanzo. Nayi ndime yopekedwa mwadala motsanzira kalembedwe ka makina, yoyankha funso lakuti mlimi asunge bwanji chimanga kuti chisafumbwe:

"Kusunga chimanga ndi nkhani yofunika kwambiri kwa alimi ambiri. Pali njira zosiyanasiyana zimene zingathandize, ndipo iliyonse ili ndi ubwino ndi kuipa kwake. Ena amakonda njira zamakono, pomwe ena amadalira njira zamakolo. Nthawi zina zotsatira zake zingasiyane malinga ndi zinthu zingapo. Pomaliza, n'kofunika kuti mlimi aliyense aganizire bwino zosowa zake asanasankhe njira yomuyenera."

Palibe chiganizo chabodza m'ndimeyi, ndipo n'chifukwa chake imanyenga. Njira yachidule yoiyesera ndiyo kuchotsa mutu wake n'kuikapo wina. Pamalo pa "kusunga chimanga" pakhale "kuweta nkhuku", kapena "kuthirira dimba", kapenanso "kusunga ndalama". Ndimeyo ikhalabe yoona, osasintha liwu lina lililonse. Ndime imene ingavomere mutu uliwonse ndiye kuti sinanene kanthu pa mutu wake. Njira ina ndiyo kutenga cholembera n'kudula mzere kunsi kwa chilichonse chimene munthu angachione, kuchiwerenga kapena kukachitsimikizira: dzina, malo, chaka, muyeso, chida. M'ndime ili pamwambayi cholembera chingagwe pa "chimanga" ndi "alimi" basi. Nankafumbwe, amene ndi mwini nkhani, sanatchulidwe n'komwe.

Mlangizi wa zaulimi amene wagwirapo ntchitoyi angayankhe mwa mtundu wina:

"Chimanga chiyambe chauma. Thirani mchere wouma ndi maso angapo a chimanga m'botolo lagalasi louma, tsekani, khutchumulani. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Chikauma, thirani m'thumba la PICS, lomwe lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Finyani mpweya, mangani thumba lililonse palokha, ndipo anankafumbwe amene alimo adzafa chifukwa chosowa mpweya. Koma khoswe akangoboola pulasitiki, thumbalo lasanduka saka wamba, choncho liikeni pathandala, kutali ndi khoma."

Ndime yachiwiriyi singasamutsidwe kupita ku nkhuku kapena ku ndalama. Ili ndi ndondomeko, ili ndi chifukwa chake, ndipo ikutchula chimene chimalakwika. Chofunika kuposa zonse n'chakuti wolembayo wadziika poyera: ngati wanama, mlimi wina akhoza kumutsutsa. Ndime yoyamba ija palibe angaitsutse, chifukwa mulibe chogwira.

Kuzengereza kumafuna kukuyang'anitsitsa, popeza si konse kumene kuli koipa. Dokotala, katswiri wa zanyengo ndi wofufuza amalankhula mosamala, ndipo amayenera kutero. Kusiyana kwake kuli pa malo amene kukayikako kwaikidwa. Munthu wodziwa nkhani amakayika pamalo amodzi, ndipo amanena chifukwa chake. Mlangizi uja anatsimikiza kuti thumba limapha nankafumbwe, n'kuika malire pa chinthu chimodzi, chomwe ndi kubooka. Wowerenga akudziwa choti asamale nacho. Kalembedwe ka makina kamamwaza kukayika paliponse mofanana: "mwina", "nthawi zina", "zingathe kukhala", "ena amati", "malinga ndi zinthu zingapo". Funso loyenera kufunsa pa mawu otere ndi lakuti, nthawi ziti? Ena ake ati? Zinthu zingapo zake ziti? Ngati nkhaniyo siyankha pena paliponse, mawuwo aikidwa kuti ateteze wolemba, osati kuti athandize wowerenga. Chimaonekanso kawirikawiri ndi kusanjikiza mawu okayika awiri kapena atatu m'chiganizo chimodzi, monga "zikuoneka kuti mwina zingathandize nthawi zina".

Chizindikiro chachitatu chimakonda kubwera kumapeto. Mbali iyi ipatsidwa mfundo zitatu, inayo zitatunso, zotalika mofanana, kenako chiganizo chotsekera chinena kuti zonse zili ndi ubwino wake ndipo chofunika n'kupeza njira yapakati. Zili ngati mfumu imene yamva odandaula ndi oyankha pabwalo tsiku lonse, dzuwa litapendeka n'kungoti nonse mwalankhula bwino, bwalo labalalika. Kumva mbali zonse ndi chilungamo, koma anthu anabwerera chigamulo. Mfundo za m'moyo weniweni sizilemera mofanana. Wodziwa ntchito amanena kuti kwa mlimi wa matumba asanu amene akufuna kusunga chakudya mpaka mwezi wa Febuluwale, njira iyi ndiyo yabwino, ndipo inayo ndi ya munthu amene agulitse chimanga chake posachedwa. Nkhani yake imakhala yopendekeka: mfundo imodzi imatenga ndime yonse, ina chiganizo chimodzi. Kufanana kwa mbali zonse kumakhala kokayikitsa kwambiri pamene funsolo lili ndi yankho lodziwika, monga lakuti kodi chimanga chonyowa chisungidwe m'thumba lotseka. Pamenepo palibe mbali ziwiri, chifukwa chimachita nkhungu.

Zizindikirozi zili ndi malire, ndipo malire oyamba ndi akuti anthu analemba motere makina asanabwere. Malipoti ambiri a misonkhano, zolankhula za akuluakulu pa miyambo ndi mayankho a wophunzira amene sanawerenge koma akufuna kudzaza tsamba, zonsezi zili ndi zizindikiro zitatu zija. Wophunzira wolemba m'chilankhulo chachiwiri amagwiritsanso mawu ochepa amene akuwadziwa bwino, ndipo kusukulu anaphunzitsidwa kuyala ubwino ndi kuipa kwa chinthu asanatseke nkhani. Kusowa kwa tsatanetsatane kumangosonyeza kuti wolembayo sanayandikire nkhani yake. Sikunena kuti iyeyo ndi munthu kapena makina.

Malire achiwiri ndi oopsa kuposa oyamba. Pulogalamu ikauzidwa kuti itchule mayina ndi manambala, imatchula, ndipo ikhoza kupeka amene kulibe. Mu Meyi 2025 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times ku America inasindikiza mndandanda wa mabuku 15 oti anthu awerenge, ndipo 10 mwa mabukuwo kunalibe, ngakhale kuti anapachikidwa pa alembi enieni monga Isabel Allende. Wokonza mndandandawo anavomera kuti anagwiritsa ntchito AI osatsimikiza. Mu 2023 khoti la ku New York linalipiritsa maloya awiri ndi kampani yawo madola 5,000 pa mlandu wa Mata ndi kampani ya ndege ya Avianca, chifukwa anapereka zigamulo zakale zimene ChatGPT inapeka, zokhala ndi mayina ndi manambala omwe. Choncho kupezeka kwa dzina ndi nambala si umboni pakokha. Chofunika n'chakuti zitheke kuzitsimikizira kwina. Tsatanetsatane wopeka amakondanso kukhala wokongoletsa chabe: atachotsedwa, mfundo ya nkhaniyo sisintha, pomwe mchere wa m'botolo uja ukachotsedwa malangizo onse amalemala.

Mapulogalamu opangidwa kuti azigwira zolemba za makina sanathetse vutoli. OpenAI inatulutsa yake mu Januwale 2023, n'kunena yokha kuti imagwira 26 peresenti ya zolemba za makina ndipo imanamizira 9 peresenti ya zolemba za anthu. Pofika Julayi chaka chomwecho inaichotsa. M'chaka chomwecho ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anayesa mapulogalamu 7 otere pa nkhani 91 zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo zoposa theka zinaweruzidwa molakwika kuti n'za makina. Zimenezi zikukhudza wophunzira aliyense wa kuno amene amalemba ntchito zake m'Chingerezi.

Kwa mphunzitsi, mkonzi kapena wolemba anthu ntchito, zizindikiro zitatuzi ndi chifukwa chofunsira mafunso, osati choperekera chilango. Wolembayo aitanidwe, aonetsedwe chiganizo chimodzi chosamveka bwino, monga chakuti pali njira zosiyanasiyana, ndipo afunsidwe kuti njira zake ndi ziti, anaziona kuti, ndipo iye angasankhe iti. Munthu amene anafufuzadi nkhaniyo amayankha ndi zambiri kuposa zimene zili papepala, nthawi zina mpaka kutsutsa zimene analemba yekha. Amene anangokopera amabwereza mawu omwewo a papepala, kapena amapereka chitsanzo chosagwirizana ndi zimene ndimeyo ikunena.