Kamba wa kusukulu: mlongedzereni mwana chakudya chosachedwa kugaga

Makolo ambiri akamalongedzera mwana chakudya cha kusukulu amafunsa mafunso awiri: kodi akhuta, nanga achikonda? Pali funso lachitatu limene limaiwalika, ndipo ndi limene limateteza m'mimba mwa mwana. Kodi padutsa maola angati kuchokera pamene chakudyacho chaphulidwa pamoto kufika pamene mwana achiike m'kamwa? Kusukulu kulibe firiji. Chikwama chimakhala m'kalasi yofolera malata, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, mkati mwa kontena mumatentha kwambiri.

Tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba timaswana msanga chakudya chikakhala chofunda, pakati pa madigiri 5 ndi 60. Zinthu zikatiyendera bwino, kachilombo kamodzi kamagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Ndiye kuti pa ola limodzi tafika 8, pa maola awiri 64, ndipo pa maola anayi tapitirira 4,000. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Akatswiri a za chakudya a ku Australia amaonjezera kuti chikakhala maola awiri mpaka anayi chidyedwe nthawi yomweyo, koma chikapitirira maola anayi chitayidwe.

Komabe si chakudya chilichonse chimene tizilomboti timachikonda. Timafuna chinyezi. Chakudya chamsuzi, chamkaka, nyama, nsomba yaiwisi yophika, nyemba ndi futali zimaonongeka msanga. Chouma, chowawasa ndi chimene chili m'khungu lake chimapirira. Apa ndi pamene pagona nzeru yonse ya kamba wa kusukulu.

Choopsa kwambiri, chomwenso makolo ambiri amachikhulupirira, ndi mkute wa mpunga. Mumpunga mumatha kukhala tizilombo totchedwa Bacillus cereus timene sitifa tonse pophika. Mpunga ukagona mumphika usiku wonse, timaswana n'kutulutsa poizoni amene saphedwa ndi moto, ngakhale muutenthetse m'mawa. Mwana akaudya amayamba kusanza pakadutsa ola limodzi kufika asanu kapena asanu ndi limodzi. Chomvetsa chisoni n'chakuti mpunga wotere nthawi zambiri sununkha, ndipo maonekedwe ake sasintha. Chakudya chikayamba kutanuka, kuchita thovu kapena kumveka fungo losasa, n'zoonekeratu kuti chagaga, koma mphuno siigwira zonse. Dalirani kuwerenga maola, osati kununkhiza.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mwana wa Sitandade 5 amene amanyamuka pakhomo 6 koloko itangodutsa, amapita kubuleki cha m'ma 9 kapena 10, ndipo amaweruka cha m'ma 1 kapena 2 masana. Mwana ameneyu mugawireni kamba wake pawiri, ndipo mumuuze chimene ayambe kudya.

Gawo loyamba ndi la pabuleki. Mbatata imodzi yaikulu ngati chibakera chake, yootcha kapena yophika m'mawa womwewo ndi makoko ake, imamukwanira. Mukapeza yofiira mkati ndiye bwino koposa, chifukwa imapatsa thupi vitamini A amene amathandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi. Onjezerani dzira limodzi lowiritsa kwa mphindi 10 kuti yolk yake yachikasu ilimbe, koma musalisende, ndipo ngati chikamba chang'aluka powiritsa, lidyedwe pakhomo pomwepo. Zonsezi zikhale zitalowa m'mimba maola anayi asanakwane, ndipo m'nyengo yotentha zikadyedwa msanga ndi pamene zili bwino. Zikatsala, zisadikire nthawi yoweruka.

Gawo lachiwiri ndi limene lingapirire tsiku lonse: mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi la mwanayo, chimanga chokazinga kapena kachidutswa ka chigumu, ndi chipatso chosasenda monga nthochi, nachesi, lalanje kapena gwafa wotsuka bwino. Malambe, masau ndi bwemba nazonso sizifuna firiji. Chipatso musamudulire kunyumba, pakuti mango kapena papaya akangodulidwa amayamba kuchucha madzi n'kuitana ntchentche. Tsiku limene mulibe dzira, usipa wouma wokazinga mpaka kuuma gwa, wopanda tomato kapena msuzi, umalowa m'malo mwake. Buledi wopaka chiponde nayenso amakhala bwino mpaka masana.

Mukaonetsetsa kamba ameneyu, mupeza kuti wakhudza magulu asanu mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo kuno kwathu amaphunzitsa: chokhutitsa ndi mbatata, chochokera ku nyama ndi dzira kapena usipa, za m'gulu la nyemba ndi mtedza, chipatso chilipo, ndipo mafuta ali mumtedza momwemo. Chatsala ndi ndiwo zamasamba. Zimenezo musazikakamize kulowa m'kontena, chifukwa nkhwani wotendera sachedwa kusasa. Mwana adzadya masamba pankhomaliro akafika kunyumba ndi pa chakudya chamadzulo. Yerekezani kamba uyu ndi paketi ya zokhwasulakhwasula zam'sitolo ndi chakumwa chotsekemera: n'zoona kuti sizionongeka, koma zimangodzaza m'mimba ndi shuga, mchere ndi mafuta, ndipo njala siichedwa kubwerera.

Pa mtedza pakufunika maso. Musanakazinge kapena kusinja chiponde, sankhani n'kutaya wonse wofwifwa, wonyala, wofumbwa ndi wachuku. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini amene amaononga chiwindi ndipo amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana, ndiponso kukazinga sikumuchotsa. Kwa ana a kumkaka osakwana zaka zisanu, mtedza wathunthu ungawatsamwe, choncho apatseni chiponde chopaka pang'ono pabuledi. Mwana amene amatupa milomo kapena kutuluka zidzolo akadya mtedza asapatsidwenso mpaka ataonedwa kuchipatala.

Kalongedzedwe nakonso kali ndi mbali yake. Mukatsekera mbatata kapena chigumu chikadali chotentha, nthunzi imasanduka madzi pansi pa chivindikiro, ndipo chakudya chimene chinali chouma chimanyowa. Chiyaleni pambale yoyera kwa mphindi zochepa kuti nthunzi ituluke, mutavindikira ndi kansalu koyera, kenaka longedzani. Zouma zikhale pazokha, osati pamodzi ndi zonyowa. Kontena itsukidwe ndi sopo tsiku lililonse mwana akangofika, makamaka m'mizere ya chivindikiro mmene mumabisala zotsalira, ndipo iumitsidwe ili chotsegula. Ngati mukufunitsitsa kuti mwana adye phala kapena mpunga ndi nyemba zotentha, njira yake ndi fulasiki ya chakudya: thiranimo madzi owira, dikirani mphindi zisanu, khuthulani, kenaka ikanimo chakudya chimene mwangophula kumene n'kutseka zolimba.

Chakumwa chabwino ndi madzi owiritsa kapena othira kolorini, m'botolo lake la mwanayo. Kulikulunga ndi kansalu konyowa kumathandiza kuti madzi asafunde msanga. Mkaka wotsegula kale usapite kusukulu. Ndipo chakudya chingasamalidwe chotani, manja akuda amaononga zonse, choncho muzolowetseni mwana kusamba m'manja ndi sopo asanatsegule kontena ndiponso akachoka kuchimbudzi.

Mwana akayamba kusanza kapena kutsekula m'mimba, mpatseni thanzi ORS pafupipafupi, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngati akulephera kumwa, wafooka kwambiri, kapena chimbudzi chili ndi magazi kapenanso chili chamadzi ngati otsukira mpunga. Inu makolo, usiku uno musanagone sankhani mtedza, tsukani kontena, ndipo mkute muusiye pakhomo. Mawa m'mawa muuzeni mwana momveka bwino chimene adye pabuleki ndi chimene asunge mpaka poweruka.