Gulu la 21: Mmene 7 ndi 3 zimalukirana

Pa masamu a kusukulu, 3 kuchulukitsa ndi 7 n'chimodzimodzi ndi 7 kuchulukitsa ndi 3. Koma pali nthambi ina ya masamu imene imaphunzira zochita zotsatizana, ndipo kumeneko chimene mwayamba nacho chimatha kusintha yankho. Akatswiri amasonkhanitsa zochita zotere m'chimene amachitcha gulu: mukachita ziwiri motsatizana mumapeza china cha m'gulu lomwelo, ndipo chilichonse chili ndi chinzake chochibweza. Gulu limene dongosolo la zochita silisintha kanthu limatchedwa la abeliyani, pokumbukira Niels Henrik Abel wa ku Norway. Apa timanga gulu la zochita 21 limene si la abeliyani.

Lembani manambala kuyambira 0 mpaka 6 mozungulira. Aziyenda ngati masiku a pa sabata: mukafika pa 7 mwabwerera pa 0, choncho 8 ndi 1, ndipo 9 ndi 2.

Chochita choyamba ndi kuphatikiza 1 ku nambala iliyonse. Mukachibwereza maulendo 7, nambala iliyonse imabwerera pamalo pake. Chachiwiri ndi kuchulukitsa ndi 2. Apa 1 amapita pa 2, kenako pa 4, kenako pa 8 amene ndi 1. Nayenso 3 amapita pa 6, pa 5, n'kubwerera pa 3, pamene 0 sasuntha. Maulendo atatu okha akwanira.

Tsopano ziyeseni pamodzi, kuyambira pa 3. Mukaphatikiza 1 mupeza 4, mukachulukitsa mupeza 8, ndiye kuti 1. Koma mukayamba n'kuchulukitsa mupeza 6, mukaphatikiza 1 mupeza 7, ndiye kuti 0. Mayankho asiyana.

Ngakhale mutazisakaniza motani, zotsatira zake zimalembeka motere: x → ax + b. Apa a ndi 1, 2 kapena 4, ndipo b ndi nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 6. Zosankha zitatu kuchulukitsa ndi zosankha 7 zikutipatsa zochita 21.

Chinsinsi chagona pa mmene ziwiri zimalumikizirana. Chitani ax + b, kenako cx + d. Mupeza cax + (cb + d). Taonani kuti b sanafike monga analili. Wadutsa m'manja mwa c. Gulu laling'ono la zochita zitatu likugwira ntchito pa gulu la zochita 7, n'kusandutsa "kuphatikiza 1" kukhala "kuphatikiza 2". Kumanga gulu mwa njira imeneyi n'kumene akatswiri amakutcha semidayirekiti purodakiti, ndipo amalemba C7 ⋊ C3. Pakanapanda c ameneyu, magulu awiriwo akanangoyandikana osakhudzana, n'kutipatsa gulu la abeliyani C21.

Nambala 2 sitinangoitola. Yesani 3: kuchulukitsa katatu kukupatsa 27, amene pa bwalo lathu ndi 6, osati 1. Pamafunika maulendo 6 kuti 3 abwerere, ndipo gulu limakula kufika pa zochita 42. Wochulukitsa woyenera ayenera kubwerera pa 1 pakatha maulendo atatu. Kupatula 1 mwiniwake, okwanitsa zimenezi ndi 2 ndi 4 basi, ndipo onse awiri amabala gulu limodzimodzi, chifukwa 4 ndi 2 wobwerezedwa kawiri.

Zatheka chifukwa pa bwalo la 7 pali ochulukitsa 6, ndipo 3 amagawa 6 popanda chotsala. Pa bwalo la 5 ochulukitsa alipo anayi, ndipo 3 sagawa 4. N'chifukwa chake gulu la zochita 15 lilipo limodzi lokha, la abeliyani. Malamulo amene Ludwig Sylow anafalitsa mu 1872 amathandiza kutsimikiza kuti pa 21 magulu ndi awiri okha: C21 ndi lathuli.

Kuti muwasiyanitse, werengani maulendo amene chochita chimafuna kuti zonse zibwerere m'malo. Mu C21 muli zochita zofuna maulendo 21. M'gulu lathu mulibe chotero: chimodzi sichisuntha kanthu, 6 zimafuna maulendo 7, ndipo 14 zotsalazo zimafuna atatu. Yesani 2x + 1: 0 apita pa 1, pa 3, pa 7 amene ndi 0, pamene 6 akhala pomwepo popeza 13 ndi 6. Chilichonse mwa 14 zija chimasiya nambala imodzi yokha osaisuntha, ndipo khalidwe limeneli limaika gululi pakati pa magulu otchedwa ndi dzina la Ferdinand Georg Frobenius wa ku Germany.

Pa magulu onse amene chiwerengero cha zochita zawo sichigawika ndi 2, onse ochepera 21 ndi a abeliyani. Ili ndiye loyamba kukana, ndipo pepala limodzi ndi pensulo n'zokwanira kuti mulimange nokha.